Kulemba Mawu a Kanema Woitanira Achinyamata ku Msonkhano

Zolinga za phunziro

Pomaliza phunziroli, mphunzitsi wophunzira ntchito athe kuyeza utali wa mawu a kanema powerenga maphatikizo, kusankha mneni woitana anthu mwamphamvu koma mwaulemu, ndi kutsogolera ophunzira ake kulemba mawu a kanema wa mphindi imodzi m'Chinyanja.

Chiyambi

Tsiku lina aphunzitsi amene tinali kuwaphunzitsa ntchito anapemphedwa kuthandiza gulu la achinyamata kukonza kanema wa pafoni woitanira anzawo ku msonkhano. Anagawikana pawiri, ndipo gulu lililonse linabwera ndi zake. Loyamba linalemba motere:

"Iwe mnyamata! Iwe mtsikana! Wakhaliranji pakhomo? Usagone! Bwera mawa ku msonkhano waukulu koposa m'mbiri yonse! Kudzakhala moto!"

Lachiwiri linayamba motere:

"Ndi ulemu waukulu, komiti yokonza msonkhano wa achinyamata ikufuna kudziwitsa olemekezeka akuluakulu a boma, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, makolo ndi anthu onse kuti..."

Titawerenga zonse ziwiri mokweza, mmodzi wa aphunzitsiwo anati: "Woyambayo bambo anga atamumva, mlongo wanga sangapite. Wachiwiriyo mlongo wanga atamumva, amuzimitsa asanathe." Anakhudza pamene pagona vuto. Kuno ku Mecanhelas foni imodzi imamvedwa ndi khomo lonse. Kanema wopita kwa wachinyamata amadutsa m'makutu mwa kholo, ndipo kholo ndilo limapereka chilolezo, njinga ndi kandalama ka panjira. Choncho wolemba ali ndi omvera awiri, ndipo sayenera kutaya mmodzi.

Magulu awiri aja analakwa mofanana. Onse ankaganiza kuti mphamvu ndi ulemu zimalimbirana malo, kotero kuti ukawonjezera china uyenera kuchepetsa chinzake. M'Chinyanja sizili choncho. Mphamvu ili m'kufupika kwa ziganizo ndi m'mayendedwe ake. Ulemu uli m'kati mwa mneni, m'timaphatikizo tosatenga ngakhale sekondi imodzi. Zinthu zokhala malo osiyana sizingalandane mpando. Phunziro lonseli latsamira pa mfundo imeneyi.

Msonkhano wathu wongoyerekeza

Kuti tikhale ndi chogwira, tiyerekeze kuti achinyamata a boma lino akukonza msonkhano pa bwalo la sukulu ya sekondale ku Insaca. Msonkhanowu ngwongopeka, wophunzirira chabe, koma tsiku lake ndi lenileni: 12 Ogasiti ndi Tsiku la Achinyamata Padziko Lonse, limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 1999. M'chaka cha 2026 tsikuli likugwa Lachitatu. Oitanidwa ndi a zaka 15 mpaka 35, monga mmene dziko la Mozambique limawerengera achinyamata. Mitu ndi itatu: ntchito zamanja, kupitiriza sukulu, ndi kupewa maukwati a ana, amene lamulo la mu 2019 linawaletsa kwa aliyense wosakwana zaka 18. Kanemayo asapitirire masekondi 60.

Tiyambe ndi kuyeza nthawi

Wosoka zovala amayeza nsalu asanadule. Nsalu ya wolemba kanema ndi nthawi. Mabuku ambiri a ziyankhulo za ku Ulaya amalangiza kuwerenga chiwerengero cha mawu pa mphindi, koma muyeso umenewu umatinamiza. Chinyanja chimalumikiza zambiri m'liwu limodzi. Taonani "tidzakambirana": muli ochita, muli nthawi yam'tsogolo, muli ntchito, mulinso ganizo lakuti tikuchitirana. Chipwitikizi chimafuna mawu angapo kuti chinene zomwezo. Papepala ndi liwu limodzi, koma pakamwa ndi maphatikizo 6. Wowerenga mawu adzaganiza kuti walemba zochepa, kenaka pojambula adzapeza kuti mphindi yatha iye ali pakati.

N'chifukwa chake timawerenga maphatikizo. Njira yake ophunzira anaidziwa kale m'makalasi oyamba: lembo la liwu lililonse, a, e, i, o, u, ndi phatikizo limodzi. Tiwonjezepo m woima payekha, ngati wa mu "m-so-nkha-no", "m-pu-nga" ndi "m'-ma-wa". Kuwomba m'manja pa phatikizo lililonse kumathandiza amene akukayika.

Kenaka tiyeze liwiro la wowerenga wathu. Timpatse ndime ya maphatikizo 100, awerenge mokweza ngati akulengeza pa bwalo, wina agwire wotchi ya pafoni. Akatha m'masekondi 25, ndiye kuti akunena maphatikizo 4 pa sekondi. Umenewu ndi muyeso wabwino woyambira: womveka kwa agogo, wosatopetsa kwa mdzukulu. Pa liwiro limeneli masekondi 60 amanyamula maphatikizo 240, ndipo tiyenera kusiyako ena kuti wowerenga apume. Malire athu akhale pafupifupi 225, amene ndi mawu ongopitirira pang'ono 80.

Tsopano tibwerere kwa gulu lachiwiri lija. Moni wawo, kuyambira "Ndi ulemu waukulu" mpaka "kuti", uli ndi maphatikizo 75. Ndiwo masekondi pafupifupi 19, gawo limodzi mwa magawo atatu a kanema yense, ndipo womvera sanamvebe tsiku kapena malo. Moni wotere ngwoyenera pa bwalo, mfumu ili pampando. M'kanema umadya malo a uthenga.

Kumene kumakhala ulemu

Tilembe pa bolodi njira zisanu zoitanira munthu, ophunzira azinene mokweza ndi kutiuza amene angamuyankhule motero.

"Bwera!" ndi lamulo kwa mwana kapena kwa mnzako wapamtima. Ukalinena kwa gulu la anthu osawadziwa, ena a iwo a zaka 30 ndi mabanja awo, limamveka ngati kukalipa. Chipwitikizi cha otsatsa malonda chimakonda kuyankhula ndi munthu mmodzi mwachinzake, ndipo womasulira liwu ndi liwu amagwera mu "iwe" ndi "bwera" osazindikira. Ndimo linagwera gulu loyamba lija.

"Bwerani!" wangowonjezera -ni, phatikizo limodzi, koma wasintha zonse. Akuitana ambiri, ndiponso akulemekeza mmodzi.

"Tabwerani" ali ndi ta- woyamba, amene amafewetsa lamulo nalisandutsa kukopa, ngati munthu amene ali ndi kanthu kabwino kokuonetsa. "Tamverani" ndi "taonani" ndi mawu abwino otsegulira kanema, pakuti amadzutsa khutu popanda kulikoka.

"Mubwere" ndi pempho. Mneni wathera ndi -e, ndipo woitana wasiya chisankho m'manja mwa woitanidwa. Pamaso pa makolo ndi mafumu timatsogoza "tikupempha": "tikupempha mutilole".

"Tikakumane" ndiye woposa onse pa ntchito yathuyi. Ti- waika wolankhula pakati pa oitanidwa, -ka- waloza kumene tikupita, -an- wanena kuti tonse tikuchitirana, ndipo -e wapempha. Palibe wolamula mnzake. M'maphatikizo 5 muli changu ndi ulemu pamodzi.

Ophunzira aone kuti kuchoka pa "bwera" kufika pa "bwerani" tawononga gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi. Ulemu wa Chinyanja ngwotsika mtengo chotero. Wolemba amene akuti analibe nthawi yolemekeza anthu sanayang'ane m'kati mwa mneni wake.

Palinso chipongwe chobisika chimene sichili m'mneni. Funso lakuti "Wakhaliranji pakhomo?" likunena kuti womvera ndi waulesi, pamene mwina wachokera ku dimba kapena wagona pa nyanja. Woitana sayamba ndi kudzudzula amene akumuitana. Miyambi nayo tiisankhe mosamala. "Mawu a akulu akoma akagonera" ndi mwambi wabwino, koma ngwochenjeza mwana wosamva, ndipo wachinyamata amaumva ngati ndodo. "Mutu umodzi susenza denga" ukugwirizana ndi msonkhano, koma uli ndi maphatikizo 10. Ulowe pokhapokha malo atatsala.

Kumene kumakhala mphamvu

Mphamvu siili m'kukuwa, ndipo siili m'mawu okokomeza. "Waukulu koposa m'mbiri yonse" ndi lonjezo limene palibe angalikwaniritse, ndipo munthu akabwera napeza mipando makumi atatu, chaka chamawa sadzakhulupiriranso. "Kudzakhala moto" wachinyamata amakumva ngati chisangalalo, koma kholo limamva mowa ndi magule a usiku.

Mphamvu yeniyeni imachokera ku zinthu zitatu. Choyamba ndi ziganizo zazifupi zoyamba ndi mneni: "Timalima mpunga. Timapha nsomba." Chachiwiri ndi kubwereza kamangidwe kamodzi, monga ti-ma- wobwera kanayi motsatizana, amene amagunda ngati ng'oma. Chachitatu ndi funso limene womvera ali nalo kale mumtima, lobwera ng'oma ija itangoleka. Pamwamba pa izi pali mayina a zinthu za kwathu. Wachinyamata wa ku Chiuta akaona bwato lake, ndi wa ku Entre Lagos akaona siteshoni ya sitima kumene amagulitsa malonda, amadziwa kuti kanemayo akunena za iye.

Mfundo zimene siziyenera kusowa

Womvera akatha kuonera ayenera kuyankha mafunso asanu ndi limodzi: kuli chiyani, liti, kuti, nthawi yanji, ndalama zingati, ndipo akonza ndani. Pa gawo limeneli liwiro limatsika, nyimbo imachepa, ndipo mawu apakamwa amagwirizana ndi olembedwa pa kanema.

Mawu akuti "mawa", "mkuja" ndi "sabata yamawa" asalowe konse. Kanema wa pa WhatsApp amayenda masiku ambiri, ndipo "mawa" wa wojambula si "mawa" wa amene walandira patapita masiku anayi. Titchule dzina la tsiku pamodzi ndi deti, titayang'ana pa kalendala kuti zikugwirizana.

Dera lathu lili pa malire, ndipo manambala amatchulidwa mosiyana. Amene anaphunzira m'Chipwitikizi amatchula deti ndi mwezi mwa Chipwitikizi, pamene amene anazolowera wailesi za ku Malawi ndi msika wa ku Nayuchi amati Ogasiti. Maofesi athu amalemba 15:00, koma pamudzi timati 3 koloko masana. Yankho lake ndi kugawa ntchito: pakamwa tinene monga anenera anthu a pamudzi, pa kanema tilembe manambala amene aliyense angawerenge, 12/08 ndi 08:00 – 15:00. Wolemba agwirizane ndi wowerenga katchulidwe ka nambala iliyonse asanajambule, chifukwa "12" papepala ndi malembo awiri, koma "khumi ndi awiri" ndi maphatikizo 6.

Nthawi yomalizira ndi yofunika ngati yoyambira. Kholo la mtsikana wochokera kutali limafuna kudziwa ngati mwana wake adzafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Kunena kuti msonkhano udzatha 3 koloko masana ndi mfundo, komanso ndi ulemu kwa kholo limenelo.

Chitsanzo chathunthu

Mawu a kanema amalembedwa m'mbali ziwiri: zooneka ndi zomveka. Nachi chitsanzo chathu.

*Gawo 1, masekondi 0 mpaka 5.*
Zooneka: m'bandakucha pa nyanja ya Chiuta, mnyamata akukankha bwato.
Zomveka: "Kwacha ku Mecanhelas! Achinyamata, tamverani, pali nkhani."

*Gawo 2, masekondi 5 mpaka 15.*
Zooneka: thumba la mpunga pa njinga; nsomba pa thandala; mtsikana ndi mabuku; wogulitsa malonda pa siteshoni ya Entre Lagos.
Zomveka: "Timalima mpunga. Timapha nsomba. Timaphunzira, timagulitsa. Nanga za tsogolo lathu, tidzakambirana liti?"

*Gawo 3, masekondi 15 mpaka 27.*
Zooneka: anyamata ndi atsikana atakhala pansi pa mtengo, akukambirana.
Zomveka: "Nayi nthawi yake. Kuli msonkhano wa achinyamata a boma lino. Tidzakamba za ntchito zamanja, za sukulu, ndi za kupewa maukwati a ana."

*Gawo 4, masekondi 27 mpaka 47.*
Zooneka: chipata cha sukulu, pamwamba pake malembo akuluakulu: 12/08, Insaca, 08:00 – 15:00, zaka 15 – 35.
Zomveka: "Tsiku: Lachitatu pa 12 Ogasiti. Malo: bwalo la sukulu ya sekondale ku Insaca. Nthawi: 8 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Kulowa ndi kwaulere. Chakudya cha masana chilipo."

*Gawo 5, masekondi 47 mpaka 60.*
Zooneka: mtsikana akulankhula ndi mayi ake pa khonde, pomaliza dzina la gulu lokonza msonkhano ndi deti.
Zomveka: "Makolo athu ndi mafumu, tikupempha mutilole tipite. Achinyamata, tikakumane ku Insaca, Lachitatu pa 12!"

Tikawerenga maphatikizo tipeza 20, 38, 49, pafupifupi 74, ndi 45: onse pamodzi pafupifupi 226. Gawo lalitali koposa ndi la mfundo, ndipo mpoyenera. Likufanana utali ndi moni uja wa gulu lachiwiri, koma m'masekondi omwewo womvera wadziwa tsiku, malo, nthawi ndi mtengo.

Tionenso kumene taika makolo ndi mafumu. Sitinawatchule koyamba, pakuti kanemayo ngwa achinyamata ndipo masekondi asanu oyamba ndiwo amagamula ngati munthu apitiriza kuonera. Koma sitinawasiye. Tawafikira kumapeto, titanena kale zonse zimene kholo likanafunsa, ndipo tawapempha chinthu chenicheni chimene chili m'manja mwawo, ndicho chilolezo. Kutchula munthu pa mndandanda ndi mwambo. Kumupempha kanthu ndi kuvomereza udindo wake. Mutu wa maukwati a ana tautchula mosabisa, koma ndi mneni wakuti "kupewa", wosaloza chala kholo lililonse.

Chinthu chimodzi chatsala. Dzina la okonza msonkhano ndi zaka za oitanidwa zili m'zooneka zokha. Ngati mawuwa atumizidwa ku wailesi ya m'dera, monga Mira-Lagos, kumene chithunzi kulibe, ziwirizi ziyenera kulowa pakamwa, ndipo china chichoke kuti zipeze malo. Kusankha chochotsa ndi ntchito yabwino yopatsa ophunzira.

Kuphunzitsa m'kalasi

Phunziroli limakwana nthawi ziwiri za mphindi 45, ndipo limayenera ophunzira amene ayamba kulemba ndime okha, monga a kalasi 6. Silifuna foni zambiri. Ya mphunzitsi ikwanira, ndipo ngakhale popanda kujambula phunziro limatheka.

Pa nthawi yoyamba tiwerenge zolemba ziwiri zolakwika zija, ophunzira anene okha chimene chawakhumudwitsa. Tiyeze liwiro la owerenga awiri kapena atatu. Tilembe njira zisanu zoitanira pa bolodi, kenaka tipereke mfundo za msonkhano. Magulu a ophunzira asanu alembe gawo 4 poyamba. Tikawalola kuyamba ndi gawo 1, amathera nthawi yonse pa mawu okoma ndipo mfundo zimafinyidwa kumapeto.

Pa nthawi yachiwiri magulu amalize magawo ena, awerenge maphatikizo, adule zopitirira. M'kalasi mwathu muli ana amene kwawo amalankhula Chilomwe, Chimakua kapena Chiyao. Tiwafunse mmene chiyankhulo chawo chimasiyanitsira kuitana mwana ndi kuitana wamkulu. Kuyerekeza kumeneku kumawathandiza kuona -ni wa Chinyanja ngati chida chodziwika, osati lamulo lachilendo. Kumasulira m'Chipwitikizi kubwere pomaliza, Chinyanja chitakhazikika. Tikayamba ndi Chipwitikizi, "iwe" uja amabwerera.

Ngati tijambula, tipemphe chilolezo kwa aliyense wooneka m'kanema, ndi kwa makolo ngati ali mwana. Mawu tiwajambule padera m'chipinda chotseka, chifukwa mphepo ya mwezi wa Ogasiti imaphimba mawu pa foni, ndipo chimene chimatayika msanga ndi manambala.

Kudziwa ngati zatheka

Mayeso ndi awiri, ndipo onse safuna cholembera chofiira. Oyamba ndi a mfundo: tiitane wophunzira wa kalasi ina amene sanamvepo za msonkhanowo, amvere kamodzi kokha, atiuze tsiku, malo, nthawi ndi mtengo. Akalephera chimodzi, vuto ndi la wolemba, osati la womvera. Kawirikawiri chifukwa chake ndi liwiro pa gawo 4, kapena deti yatchulidwa kamodzi kokha.

Achiwiri ndi a ulemu: wophunzira mmodzi akhale kholo, wina amuwerengere mawuwo ali chilili pamaso pake. Paliponse pamene wowerenga achita manyazi, atsitsa mawu kapena aseka, pali liwu lofunika kusintha. Ana amadziwa malire a ulemu asanadziwe kuwafotokoza, ndipo thupi lawo limaulula zimene pakamwa sipangathe kunena.

Palinso chizindikiro cha kuchepa kwa mphamvu: wowerenga akapuma pakati pa chiganizo chifukwa mpweya wamuthera, chiganizocho chatalika. Tichidule pawiri, ndipo theka lililonse liyambe ndi mneni ngati kungatheke.

Ntchito

1. Werengani maphatikizo a chiganizo ichi, ndipo munene masekondi amene chingatenge pa liwiro la 4 pa sekondi: "Achinyamata onse a m'midzi yozungulira nyanja ya Chirwa akupemphedwa kuti adzafike pa nthawi yake."
2. Lembaninso chiganizo chomwecho m'maphatikizo osapitirira 20, pogwiritsa ntchito mneni woyamba ndi ti-.
3. Konzani zolemba za gulu loyamba lija. Musachepetse changu chake, koma chotsani "iwe", "mawa" ndi lonjezo losatheka. Fotokozani chifukwa cha kusintha kulikonse.
4. Sinthani chitsanzo chathu kuti chikhale cha pa wailesi, cha masekondi 45. Malire anu a maphatikizo ndi angati? Mwachotsa chiyani, ndipo n'chiyani chimene mwakana kuchotsa?
5. Pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa, werengerani kholo limodzi mawu amene ophunzira anu alemba. Lembani mafunso amene kholo lifunse likatha kumvera. Funso lililonse ndi mfundo imene inasowa m'kanema. Mubwere nawo ku phunziro lotsatira, tidzawapezere malo m'masekondi 60 aja.